Lipoti la nkhani: kagawidwe ka liwiro kwa wothamanga amene anatha mphamvu pa kilomita ya 30

Wothamanga ndi vuto limene anabwera nalo

Lipotili likunena za mayi wa zaka 39, wolemera makilogalamu 62, amene anayamba kuthamanga ali wamkulu kale ndipo anali atathamanga kwa zaka zinayi pamene anadzapempha kuti ndizimuphunzitsa. Analibe matenda a mtima, a shuga kapena a mphumu, ndipo sanavulalepo mokhalitsa. Pa mpikisano wa theka la marathoni, womwe ndi makilomita 21.1, nthawi yake yabwino kwambiri inali 1:48:00, kutanthauza mphindi 5 ndi masekondi 7 pa kilomita iliyonse. Marathoni yake yoyamba, ya makilomita 42.195, anaimaliza mu 4:08:00 pamene iye ankayembekezera 3:45:00, ndipo makilomita khumi omaliza anawadutsa akuyenda ndi kuthamanga mosinthanasinthana, miyendo ili yolemera.

Iye ankakhulupirira kuti vuto linali mtima wofooka. Anandiuza kuti, "Aphunzitsi, mpaka pakati ndinali bwinobwino, ndinali patsogolo pa nthawi yanga. Ndikuona ngati ndinangogonja msanga." Ndinamupempha kuti tisaweruze za kulimba mtima tisanaone manambala a pa wotchi yake, chifukwa munthu amene wayenda makilomita khumi ali m'mavuto otere n'kukafika pa mzere womalizira sangakhale wogonja msanga. Mfundo ya lipotili ndi yakuti zimene zimachitika pa kilomita ya 35 zimakhala zitakonzedwa kale m'makilomita 15 oyambirira, ndipo njira zolimbanirana ndi kutopa kwa kumapeto zimagwira ntchito pokhapokha ngati wothamanga wafikako ali ndi kanthu kotsala m'miyendo.

Zimene wotchi inasonyeza pa mpikisano woyamba

Kuti amalize mu 3:45:00 anafunika kuthamanga mphindi 5 ndi masekondi 20 pa kilomita, n'kudutsa pakati pa mpikisano pa 1:52:30. M'malo mwake makilomita asanu oyamba anawathamanga mu 25:50, asanu achiwiri mu 25:55, ndipo pakati anadutsa pa 1:50:00. Nambala imeneyi ndiyo inandiuza nkhani yonse. Anadutsa pakati pa marathoni mochedwerapo ndi mphindi ziwiri zokha poyerekeza ndi nthawi yake yabwino kwambiri ya theka la marathoni, mpikisano umene munthu amathera pomwepo n'kukhala pansi. Iye ankaona kuti wasunga mphindi ziwiri ndi theka zoti zidzamuthandize akadzatopa.

Kuyambira pamenepo liwiro linayamba kutsika, poyamba pang'onopang'ono, kenako mwadzidzidzi. Pakati pa kilomita ya 25 ndi ya 30 anatenga 28:40, pakati pa 30 ndi 35 anatenga 33:20, ndipo pakati pa 35 ndi 40 anatenga 38:45, komwe ndi pafupifupi mphindi 8 pa kilomita. Theka lachiwiri linamutengera 2:18:00. Choncho mphindi ziwiri ndi theka zimene anaganiza kuti wasunga anazilipira ndi mphindi 25 ndi theka.

Kugunda kwa mtima kunatsimikizira zomwezo. Mtima wake ukafika pachimake umagunda ka 184 pa mphindi, ndipo pa kilomita ya 10 unali kale pa 165, mlingo umene iye amatha kuusunga kwa maola osakwana awiri. Atadutsa kilomita ya 31 kugunda kunatsika kufika cha m'ma 150, koma iye ankamva kuti akuvutika kuposa kale. Chizindikiro chimenechi n'chofunika kuchidziwa, chifukwa chimasonyeza kuti mtima ndi mapapo zinali ndi mpata wogwira ntchito, koma minofu inalibenso chakudya chofulumira choti igwiritse ntchito. Pa mpikisano wonsewo anamwa timapaketi tiwiri tokha ta jeli wa shuga, koyamba ali pa kilomita ya 25, ndipo pokonzekera ankathamanga makilomita pafupifupi 45 pa sabata, ulendo wake wautali kwambiri uli wa makilomita 26.

Chifukwa chake kuyamba mofulumira kumawononga chonchi

Thupi limathamanga ndi zinthu ziwiri, mafuta ndi shuga wosungidwa wotchedwa glaikojeni, amene amakhala m'minofu ndi m'chiwindi. Mafuta alipo ambiri ngakhale mwa munthu wowonda, koma thupi limawasandutsa mphamvu mochedwa, pamene glaikojeni amapereka mphamvu mofulumira koma ndi wochepa. Munthu amene wadya bwino ndi kupuma amasunga glaikojeni wokwana makalori pafupifupi 2,000 kapena kucheperapo, ndipo wina mwa iye ali m'minofu ya manja ndi ya msana, komwe miyendo singamutenge. Kuthamanga kumadya pafupifupi kalori imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa kilomita iliyonse, motero kwa mayi wa makilogalamu 62 marathoni imafuna makalori pafupifupi 2,600. N'zoonekeratu kuti glaikojeni yekha sangakwane, ndipo mbali yotsalayo iyenera kuchokera ku mafuta ndi ku zimene munthu akumwa ali m'njira.

Chimene othamanga ambiri sachizindikira n'chakuti gawo la mphamvu lochokera ku glaikojeni limakula liwiro likamakwera. Kusiyana kwa masekondi khumi kapena makumi awiri pa kilomita sikumveka m'thupi pa ola loyamba, chifukwa miyendo yapuma kwa sabata ziwiri, kunja kudakali kozizira, ndipo anthu onse ozungulira akuthamanga mofulumira. Koma ngati masekondi amenewo amukankhira munthu kuchoka pa liwiro la marathoni kupita ku liwiro la theka la marathoni, glaikojeni amapsa msanga ndipo amatha mpikisano usanathe. Akatha, thupi limatsala ndi mafuta pafupifupi okha, ndipo liwiro limene mafuta angapereke n'lotsika kwambiri. Ichi ndicho othamanga amachitcha khoma, ndipo chimasiyana ndi kutopa wamba poti chimagwetsa liwiro ndi mphindi yathunthu kapena kuposerapo pa kilomita, ndiponso sichichoka ngakhale munthu alimbe mtima chotani. Zili ngati ngongole ya katapira: zimene wakongola m'mawa n'zochepa, koma zobweza madzulo zimachuluka kangapo.

Palinso chifukwa chachiwiri chosakhudza chakudya. Phazi lililonse likamatera pansi minofu ya ntchafu imagwira thupi kuti lisagwe, ndipo pakapita maola ulusi wa minofuyo umawonongeka pang'onopang'ono, makamaka pa mtsetse. Minofu yotopa imafuna mphamvu zambiri kuti isunge liwiro lomwelo, choncho kilomita ya 35 ndi yodula kuposa kilomita yachisanu ngakhale wotchi ikusonyeza nambala yofanana. Kuthamanga ndi liwiro lofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza kumatanthauza kuti khama lizikula, ndipo kuti khama lithe kukula liyenera kuyambira pansi.

Akatswiri apamwamba amachita zomwezi, ngakhale pa liwiro limene ife sitingalilote. Pa marathoni ya ku Berlin mu 2018, Eliud Kipchoge anathamanga theka loyamba mu 61:06 ndi lachiwiri mu 60:33, n'kumaliza mu 2:01:39. Ku Chicago mu 2023, Kelvin Kiptum anadutsa pakati pa 60:48, n'kuthamanga theka lachiwiri mu 59:47, zonse pamodzi 2:00:35. Ndiyenera kunena kuti si lamulo lopanda chopatuka, pakuti ku Berlin mu 2022 Kipchoge yemweyo anayamba ndi 59:51, n'kutsirizira ndi 61:18, ndipo anaphwanyabe mbiri ya dziko lonse lapansi ndi 2:01:09. Komabe kusiyana kwa magawo awiriwo kunali kosakwana mphindi imodzi ndi theka. Kwa wothamanga wanga kunali mphindi 28.

Kupeza liwiro limene thupi lake likanakwanitsa

Cholakwika chinayambira pa cholinga chenichenicho. Nthawi ya 3:45 anaipeza pogwiritsa ntchito njira yowerengera ya Peter Riegel, imene imalosera nthawi ya mtunda wautali kuchokera ku nthawi ya mtunda waufupi motere: T2 = T1 × (D2 / D1)^1.06. Apa D1 ndi mtunda waufupi ndipo T1 ndi nthawi yake, pamene D2 ndi mtunda wautali ndipo T2 ndi nthawi yoloseredwayo. Ukaika mphindi 108 za theka la marathoni, yankho limabwera mphindi 225. Njirayi si yabodza, koma imaganiza kuti munthu wakonzekera mtunda wautaliwo mokwanira monga anakonzekerera waufupi, ndipo kwa othamanga amene makilomita awo a pa sabata ndi ochepa imalonjeza nthawi imene sangaifike. Ngakhale akanayamba ndi 5:20 yeniyeniyo, ndikukhulupirira kuti akanatha mphamvu, kungoti mochedwerapo.

Tinakonzekera marathoni yachiwiri kwa sabata 16, ndipo makilomita a pa sabata tinawakweza pang'onopang'ono mpaka pakati pa 60 ndi 65. Liwiro la mpikisano sitinalisankhe pa pepala. Tinaliyesa pa maulendo ataliatali a makilomita 30, pomwe makilomita 16 oyamba ankathamanga momasuka ndipo 14 otsalawo ankathamanga pa liwiro limene tinkaliyesa, chifukwa liwiro loyesedwa pa miyendo yopuma silinena zoona. Atayesa 5:20, mtima unayambira pa 158 n'kukathera pa 170, ndipo m'makilomita atatu omaliza sankatha kulankhula mawu oposa awiri kapena atatu osapuma. Patapita sabata zitatu anayesa 5:34 pa njira yomweyo nyengo ili yofanana, ndipo mtima unayambira pa 152 n'kukathera pa 158, iye akutha kunena chiganizo chachifupi. Kugunda kwa mtima kumakwera ndithu pang'ono pa ulendo wautali ngakhale liwiro lisasinthe, chifukwa thupi likutentha ndipo madzi akuchepa m'magazi, koma kukwera kwa 12 m'makilomita 14 okha kumasonyeza kuti liwirolo silingasungike kwa makilomita 42.

Tinagwirizana pa 5:34, imene imapereka 3:55:00. Sanasangalale nazo, popeza ankaona kuti akubwerera m'mbuyo ndi mphindi khumi pa cholinga chake chakale. Ndinamukumbutsa kuti nthawi yokhayo ya marathoni imene anali nayo m'manja inali 4:08.

Dongosolo la tsikulo

Dongosolo linali ndi magawo atatu osalingana. Makilomita asanu oyamba anayenera kuwathamanga pa 5:40, mochedwerapo dala ndi masekondi sikisi, zimene zimangotayitsa theka la mphindi koma zimamuteteza ku chikoka cha khamu. Kuyambira pa kilomita yachisanu mpaka ya 30 anayenera kusunga 5:34, ndi malire akuti mtima usapitirire 155 asanafike pakati ndiponso 162 asanafike pa 30. Wotchi ndi mtima zikasemphana, mtima ndiwo unayenera kupambana, makamaka pa chitunda kapena pothamanga moyang'anizana ndi mphepo, pomwe kusunga nambala ya liwiro kumawononga mphamvu zimene sizibwereranso pa mtsetse wotsatira. Kuyambira pa 30 anali ndi ufulu wowonjezera liwiro, koma ndi masekondi osaposa asanu pa kilomita mpaka atadutsa 37.

Ndinamuchenjezanso za wotchi ya GPS. Njira ya marathoni imayezedwa motsata mzere waufupi kwambiri umene munthu angadutse, ndipo palibe amene amautsata ndendende m'khamu, choncho wotchi nthawi zambiri imasonyeza mtunda wotalikirapo ndi mamita mazana angapo. Zotsatira zake n'zakuti wotchi imamuuza munthu kuti akuthamanga mofulumira kuposa mmene zilili. Analemba pa mkono nthawi zimene anayenera kudutsira pa zikwangwani za makilomita asanu aliwonse, ndipo zikwangwanizo ndizo zinali muyeso wake.

Pa za chakudya, malangizo odziwika ndi akuti pa masewera otenga maola angapo munthu azilandira magalamu 30 mpaka 60 a shuga pa ola, ndipo amene anazoloweretsa mimba angafike 90 ngati shugayo ndi wosakaniza glukosi ndi frakitosi. Ife tinasankha paketi imodzi ya jeli ya magalamu 25 pa theka la ola lililonse, kuyambira pa mphindi ya 30, iliyonse ndi madzi pang'ono. Anayeserera zimenezi pa maulendo onse ataliatali, pakuti mimba imene sinazolowere imakana jeli pa nthawi imene akufunika kwambiri. Madzi anayenera kumwa motsata ludzu, osadzikakamiza pa malo aliwonse omwera, chifukwa othamanga otenga maola anayi kapena kuposerapo ndiwo ali pachiopsezo chomwa madzi opitirira muyeso mpaka mchere wa sodiyamu kuchepa m'magazi, vuto limene limatha kupha.

Mmene mpikisano wachiwiri unayendera

Makilomita asanu oyamba anawathamanga mu 28:25, ndipo anandiuza pambuyo pake kuti gawo limeneli ndilo linamuvuta m'maganizo kuposa onse kupatula limodzi, chifukwa anthu ankamudutsa mbali zonse ziwiri, ena mwa iwo ooneka kuti sanakonzekere monga iye, ndipo miyendo inkachita kupempha kuti ayimasule. Pakati anadutsa pa 1:58:07, mtima uli pa 154. Pa kilomita ya 30 anafika pa 2:47:25, mochedwerapo ndi mphindi zisanu ndi ziwiri ndi theka poyerekeza ndi mpikisano woyamba, koma apa ndi pamene anayamba kuwadutsa amene anamudutsa m'mawa. Makilomita a pakati pa 30 ndi 35 anawathamanga mu 27:35, gawo lake lofulumira kwambiri kufikira pamenepo, ndipo pa chikwangwani cha 35 anali kale pafupifupi polingana ndi nthawi ya mpikisano woyamba.

Kutopa kunabwerabe, ndipo izi ziyenera kunenedwa momveka, chifukwa ena amaganiza kuti kugawa liwiro bwino kumachotsa kuvutika. Kumangokuchedwetsa ndi kukuchepetsa kufika pa mlingo umene munthu angathe kuchitapo kanthu. Kilomita ya 36 inamutengera 5:38 iye akuganiza kuti akuthamanga 5:30. M'kilomita ya 37 ntchafu zinauma, katumba wa mwendo wamanja anayamba kutukula ngati akufuna kukokana, mapewa anakwera kufika m'makutu, ndipo anadzipeza akuwerengera mobwerezabwereza nthawi yotsala koma osapeza yankho. Kulephera masamu osavuta kotereku kumachitika kawirikawiri shuga akayamba kuchepa m'magazi.

Tinali titakambirana kale zochita pa nthawi ngati imeneyi, ndipo tinaziika m'ndondomeko yake kuti asadzafunike kuganiza ali wotopa. Choyamba chinali kudzifunsa ngati pali chizindikiro choopsa, ndipo panalibe: sankamva chizungulire, maso ankaona bwino, ankatulukabe thukuta, ndipo pachifuwa panalibe ululu. Kenako anamwa jeli wake womaliza nthawi yomweyo, mphindi zisanu isanakwane nthawi imene tinaika, ndipo pa malo omwera madzi anayenda masekondi pafupifupi 15 kuti madzi alowe m'kamwa m'malo mothira pachifuwa. Kuyendako kunali kosankha, kokhala ndi pothera podziwika, pamtengo wa magetsi umene anausankha asanayambe kuyenda. Kuyenda kotere n'kosiyana kwambiri ndi kuyenda kwa munthu amene miyendo yamukana, chifukwa uyo sadziwa pamene adzayambirenso. Kilomita imeneyo inatenga 5:52.

Atayambanso kuthamanga anafupikitsa mapazi m'malo moyesa kutambasula miyendo. Munthu wotopa akafuna kubweza liwiro amakonda kuponya phazi patsogolo kwambiri, ndipo phazilo limatera kutali ndi thupi n'kumubweza m'mbuyo, zimene zimawonjezera katundu pa ntchafu zowonongeka kale ndi kuitana kukokana kwa minofu. Iye anasunga kuchuluka kwa mapazi pa mphindi, akuwerenga phazi lamanja mpaka makumi atatu n'kuyambiranso, anatsitsa mapewa, n'kugwedeza manja pansi kamodzi kuti amasuke. Katumba uja anasiya kutukula pasanathe mamita mazana asanu. Za kukokana kwa minofu, maganizo anga ndi akuti mwa othamanga ambiri kumabwera chifukwa cha minofu yotopa imene yakakamizidwa kupitirira zimene inazolowera, ndipo kuchepetsa liwiro pang'ono chizindikiro choyamba chikangooneka kumathandiza msanga kuposa kufunafuna mchere.

Pa za maganizo tinagwiritsa ntchito zinthu ziwiri zokha. Analeka kuganiza za makilomita asanu otsala n'kumangoganiza za kilomita imene anali nayo, ndipo anasankha wothamanga wina amene anali patsogolo pake ndi mamita khumi, wooneka kuti akuyenda mokhazikika, n'kudziuza kuti mpata wa pakati pawo usakule. Chinthu china chimene tinagwirizana pasadakhale chinali chakuti kilomita imodzi yochedwa asayese kuibweza pa kilomita yotsatira. Amene wataya masekondi 18 n'kufuna kuwapeza onse nthawi imodzi amathamanga kilomita imodzi yofulumira kenako n'kugweratu. Kilomita ya 38 inatenga 5:46, ya 39 inatenga 5:34, nthawi imene jeli uja anali atayamba kugwira ntchito, ndipo ya 40 inatenga 5:30. Mtima unali pa 170, ukukwera limodzi ndi khama, mosiyana ndi mpikisano woyamba pamene unkatsika.

Anamaliza mu 3:55:20. Theka lachiwiri linali 1:57:13, lofulumira ndi masekondi 54 kuposa loyamba, ndipo nthawi yonse inatsika ndi mphindi 12 ndi masekondi 40.

Kusiyanitsa mitundu ya kutopa

Zimene anachita pa kilomita ya 37 zinali zoyenera chifukwa kutopa kwake kunali kwa mtundu umene munthu angalimbane nawo, ndipo wothamanga aliyense ayenera kudziwa kuusiyanitsa ndi mitundu ina. Ngati liwiro latsika ndi masekondi khumi kapena makumi awiri, miyendo ikupweteka mbali zonse ziwiri mofanana, koma mutu uli bwino ndipo mtima ukukwera, kumeneko ndi kutopa kwa marathoni kumene aliyense amakumana nako, ndipo mankhwala ake ndi kufupikitsa mapazi, kumwa shuga ndi kupirira. Ngati liwiro lagwa ndi mphindi yathunthu, mtima ukutsika, munthu akumva njala, kuzizidwa kapena kukhumudwa kosadziwika chifukwa chake, glaikojeni watha, ndipo chanzeru ndi kuiwala cholinga cha nthawi, kumwa shuga, n'kumasinthanitsa kuyenda mphindi imodzi ndi kuthamanga mphindi zinayi mpaka kumapeto.

Mtundu wachitatu si wolimbana nawo. Liwiro likamatsika koma mtima n'kukhalabe pamwamba kwambiri pa tsiku lotentha, munthu akumva mutu waukulu, nseru kapena chizungulire, akudzandira kapena akulankhula zosamveka, thupi latentha mopitirira ndipo ayenera kuima n'kupeza achipatala. N'chimodzimodzinso ndi ululu wa pachifuwa, ululu wobaya pa malo amodzi a fupa umene ukukula pa phazi lililonse, ndiponso kusokonezeka mutu kwa munthu amene wamwa madzi ambiri ndipo zala zatupa, amene kumupatsa madzi ena kungawonjezere vutolo. Ndimawauza othamanga anga zimenezi mobwerezabwereza chifukwa munthu amene thupi latentha kwambiri ndiye womaliza kuzindikira kuti zinthu sizili bwino.

Malire a zimene nkhaniyi ikusonyeza

Sindinganene kuti mphindi 12 zonse zinachokera ku kagawidwe ka liwiro, chifukwa pakati pa mipikisano iwiriyi tinasintha zinthu zitatu nthawi imodzi: makilomita a pa sabata, kuchuluka kwa shuga womwa m'njira, ndi liwiro loyambira. Nyengonso inali yozizira bwino masiku onse awiri, ndipo pa tsiku lotentha 5:34 yomweyo ikanakhala yofulumira mopitirira. Chimene ndingaimirire nacho n'chakuti ziwiri zoyambazo sizikanamupulumutsa akanadutsanso pakati pa 1:50, popeza ulendo woyesera uja unasonyeza kuti ngakhale atakonzekera bwino, 5:20 inali idakali pamwamba pa mphamvu zake.

Sindikuonanso kuti theka lachiwiri lofulumira ndi chinthu choti munthu azichisaka mwa icho chokha. Wothamanga amene wamaliza theka lachiwiri mofulumira ndi mphindi zisanu kapena kuposerapo anayamba mochedwa kwambiri ndipo wasiya nthawi m'njira, pamene amene wachedwerapo ndi mphindi imodzi kapena ziwiri wathamanga bwino ndithu. Njira nayonso imalamula, chifukwa ngati zitunda zili kumapeto, magawo awiri ofanana pa wotchi angafune khama losatheka. Ndimakonza dongosolo lokhala ndi chiyambi chochedwerapo chifukwa zolakwika ziwirizi sizilemera mofanana. Kuyamba mochedwa ndi masekondi asanu pa kilomita kumatayitsa mphindi imodzi kapena ziwiri, zimene zina mwa izo zimabwezeka kumapeto, pamene kuyamba mofulumira mopitirira mphamvu kungatayitse mphindi makumi awiri.

Pa marathoni yotsatira tagwirizana kuti makilomita a pa sabata akhale pafupi ndi 70, jeli azimwa pa mphindi 25 zilizonse ngati mimba ilola pa zoyeserera, ndipo tiwonjezera masewera olimbitsa ntchafu ndi akatumba kawiri pa sabata, popeza kutukula kwa pa kilomita ya 37 kunasonyeza pamene miyendo yake imayambira kufooka. Liwiro loyamba kuyesa pa ulendo wa makilomita 30 lidzakhala 5:27, limene limapereka 3:50, ndipo tidzalilandira pokhapokha ngati mtima sudzapitirira 160 pa kilomita yomaliza ya ulendowo.